Sheya inakwera, koma ndalama zanga zonse zinapita: chinachitika n'chiyani?

Funso: Ndimagwira ntchito muofesi pa esiteti ina ya tiyi kuno ku Thyolo, ndipo ndinatsegula akaunti kwa buloka wa kunja kudzera pafoni. Sheya ya kampani ina ya ku America inali pa madola 50. Ndinali ndi chikhulupiriro choti ikwera, ndiye ndinagula ma `Call` asanu a `Strike` 55, otha pakatha masiku 21, pa masenti 40. Ndinalipira madola 200. Pofika tsiku lothera sheya inali pa madola 53, koma akaunti inandionetsa ziro. Patangotha milungu iwiri sheya yomweyo inafika pa madola 60. Kodi anandibera, kapena pali chimene sindinamvetse? (Wowerenga wa ku Luchenza)

Yankho: Bambo, malinga ndi manambala mwaperekawa, palibe amene anakuberani. Inu munagula opishoni, ndipo opishoni si sheya. Opishoni ya `Call` ndi ufulu wogula sheya pa mtengo wopanganirana, ndipo ufuluwo uli ndi tsiku limene umatha. Mtengo wopanganiranawo ndi umene pafoni panu palembedwa kuti `Strike`, tsikulo ndi limene palembedwa `Expiry`. Munaganiza bwino kuti sheya ikwera. Koma opishoni imafuna kuti mulondole zinthu zitatu pakamodzi, kumene mtengo ukulowera, pamene ukafike, ndi nthawi imene ukafike pamenepo. Inu munalondola choyamba chokha.

Tiyerekeze ndi nandolo, poti kwanuko ndi mbewu yodziwika. Mwapita kwa mlimi n'kumuuza kuti, landirani K2,000 iyi, mundisungire thumba ili mpaka Loweruka, ndikafuna ndidzaligula pa K55,000. Lero pamsika thumbalo likupita pa K50,000. Loweruka lafika, mavenda akugula pa K53,000. Simungapite kwa mlimi uja kukalipira K55,000 pamene pamsika mungalipeze pa K53,000. Mungosiya, ndipo K2,000 ija sibwerera, chifukwa sinali chikole choti mudzachotsere pa mtengo. Inali malipiro oti mlimiyo adikire, ndipo anadikiradi. Nandolo akadzafika pa K60,000 mwezi wamawa, phindu ndi la mlimi, pangano lanu linatha Loweruka lija.

Kontirakiti imodzi ya opishoni pa masheya a ku America imaimira masheya 100. N'chifukwa chake masenti 40 anasanduka madola 40 pa kontirakiti, ndipo makontirakiti asanu anakhala madola 200, oimira masheya 500. Pa tsiku lothera, mtengo wa `Call` umawerengedwa motere basi:

```
value at expiry = max(share price - strike, 0)
breakeven = strike + premium
```

Mzere woyambawo ukunena kuti chotsani mtengo wopanganirana pa mtengo wa sheya, yankho likatsika pansi pa ziro, opishoni ilibe kanthu. Kwa inu 53 kuchotsa 55 kunatsika pansi pa ziro. Mzere wachiwiri ndi umene anthu ambiri saauwerengera asanagule. Kuti mungobweza ndalama zanu, popanda phindu ngakhale tambala, sheya inayenera kufika pa 55 kuphatikiza masenti 40 munalipira aja, ndiye kuti madola 55.40. Kuchoka pa 50 kufika pa 55.40 ndi kukwera ndi 10.8 peresenti m'milungu itatu. Sheya yanu inakwera ndi 6 peresenti. Kwa munthu wogwira sheya yeniyeniyo, 6 peresenti m'milungu itatu n'kukolola bwino kwambiri. Kwa inu inali theka la ulendo lokha.

Onaninso kuti ngakhale sheya ikanadutsa 55 mukanathabe kutaya. Ikanatsekera pa 55.25, opishoni iliyonse ikanakhala ndi masenti 25, makontirakiti asanu madola 125, ndipo mukanataya madola 75. Choncho kuyambira pa 50 mpaka pa 55.40, sheya ikhoza kumakwera tsiku ndi tsiku wogula `Call` akungotayabe.

Ambiri amasokonekera pa zimene zimachitika masiku apakati, tsiku lothera lisanafike. Mtengo wa opishoni uli ndi mbali ziwiri. Mbali yoyamba ndi phindu limene lili m'manja kale, lomwe mungapeze mutagwiritsa ntchito ufuluwo lero lomwe. Sheya ikakhala pa 58 ndipo inu muli ndi ufulu wogula pa 55, phindu la m'manja ndi madola 3. Mbali yachiwiri ndi mtengo wa nthawi, ndalama imene anthu amalolera kulipira poyembekezera kuti mwina zinthu zisintha masiku asanathe. Tsiku limene munagula, sheya inali pa 50, pansi pa 55, kotero phindu la m'manja linali ziro. Masenti 40 onse aja anali mtengo wa nthawi. Ndipo mtengo wa nthawi umatsika mpaka kufika pa ziro pa tsiku lothera, kaya sheya yakwera kaya yatsika. Zimenezi n'zosapeweka pa opishoni iliyonse.

Kutha kwa tsiku ndi tsikuku kumaoneka pafoni panu. Mukatsegula tsatanetsatane wa opishoni mupeza nambala yolembedwa `Theta`, yokhala ndi kachizindikiro kochotsera kutsogolo kwake, ndi ina yolembedwa `Delta`. Mitengo mwatchulayi ikugwirizana ndi sheya imene msika unkaiona kuti imagwedezeka pafupifupi 40 peresenti pachaka, nambala imene pafoni imalembedwa `IV`. Potengera pamenepo, `Theta` yanu pa tsiku logula inali pafupifupi masenti 3 patsiku, ndipo `Delta` inali pafupifupi 0.17. `Theta` ikunena kuti kukangocha, sheya isanasunthe, opishoni yataya masenti 3. Pa masheya 500 amenewo ndi madola pafupifupi 15 patsiku, pa ndalama yokwana 200. `Delta` ikunena kuti sheya ikakwera ndi dola imodzi, opishoni yanu ikwera ndi masenti 17 okha, chifukwa 55 akadali kutali.

Manambala awiriwa mukawaika pamodzi mumaona vuto lonse. Kuti mubweze masenti 3 otayika patsiku, pamene mukulandira masenti 17 okha pa dola iliyonse, sheya iyenera kukwera ndi masenti pafupifupi 17 kapena 18 tsiku lililonse. Pamenepo mungoima pamene munali, simunapindule. Sheya yanu inayenda madola 3 m'masiku 21, omwe ndi masenti 14 patsiku. Inali ikukwera ndithu, koma pang'onopang'ono kuposa mmene nthawi inkadyera opishoni.

Tiyerekeze kuti patapita masiku 14 sheya inali pa 52. Mukanayang'ana tsiku limenelo, kutatsala sabata imodzi, mukanapeza opishoni yanu ili pa masenti pafupifupi 23. Sheya yakwera ndi madola 2, koma madola 200 anu atsika kufika cha pa 115. Chizindikiro choti nthawi ikukuposani ndi chimenechi, sheya ikuoneka yobiriwira pafoni koma opishoni ikuoneka yofiira masiku angapo motsatizana. Ambiri akaona zotere amati ndidikire pang'ono, sheya ikukwera. Koma pamenepo sheya inkafunika kukwera madola ena 3.40 m'masiku asanu okha ogulitsa, pamene m'milungu iwiri yonse inali itayenda madola 2. Mpata wogulitsa opishoni n'kupulumutsa 115 unalipo, chifukwa opishoni imagulitsidwa tsiku lililonse msika ukatseguka, simukakamizidwa kuisunga mpaka mapeto.

Pali chifukwa chimene opishoni ya masiku ochepa ndi yoopsa kuposa mmene kutchipa kwake kumaonetsera. Mtengo wa nthawi sutha mofanana tsiku lililonse. Pa opishoni imene `Strike` yake ikufanana ndi mtengo wa sheya lero, ogulitsa amayerekezera mwachidule motere:

```
premium ≈ 0.4 × share price × IV × √(days / 365)
```

Pa sheya ya madola 50 ndi `IV` ya 40 peresenti, opishoni yotsala ndi masiku 90 imakhala cha pa madola 3.97. Yotsala ndi masiku 30 imakhala cha pa 2.29, ndipo yotsala ndi masiku 7 cha pa 1.11. Kuchoka pa masiku 90 kufika pa 30, miyezi iwiri yathunthu, yataya dola 1.68, pafupifupi masenti 3 patsiku. Sabata yomaliza yokha imataya dola 1.11, masenti 16 patsiku. Munthu wogula opishoni ya milungu itatu kapena ya sabata imodzi amakhala walowa pamene kuthako kwayamba kale liwiro. Ndiponso nthawi yotalika kanayi imakwera mtengo kawiri kokha, ndiye tsiku limodzi la opishoni yaifupi ndi lodula kwambiri kuposa tsiku limodzi la yaitali, ngakhale ndalama yotuluka m'thumba ikuoneka yochepa.

Opishoni ngati yanu, yomwe `Strike` yake ili pamwamba pa mtengo wa sheya, imasiyana pang'ono. Sidikira sabata yomaliza kuti igwe. Imayamba kufota msanga, msika ukangoona kuti mtunda wotsala ndi wautali kuposa masiku otsala, ndipo masiku awiri kapena atatu omaliza imakhala ili kale pa senti imodzi kapena ziwiri, osapezanso wogula.

Kutchipa kwa masenti 40 kunali kukuuzani kena kake. Sheya yogwedezeka 40 peresenti pachaka nthawi zambiri imayenda, m'masiku 21, osapitirira madola pafupifupi 4.80 kukwera kapena kutsika. Inu munkafuna 5.40, ndipo kumbali imodzi yokha. Masamu omwewo amaonetsa kuti mwayi woti sheya itsekere pamwamba pa 55 unali pafupifupi 15 pa 100, kamodzi pa maulendo asanu ndi awiri. Amene anakugulitsani ankadziwa zimenezo, n'chifukwa chake analolera masenti 40. Njira yachidule yoonera zimenezi musanagule ndi kuyang'ana `Delta`. Si muyeso weniweni wa mwayi, koma imayandikira. Mukaona 0.17, dziwani kuti msika ukukuuzani kuti maulendo ambiri opishoni yotere imathera pa ziro.

Tsopano tione zimene madola 200 omwewo akanachita mwanjira ina, sheya ikuyenda chimodzimodzi, 53 pa tsiku la 21 ndi 60 pa tsiku la 35. Mukanagula masheya enieni, mukanapeza anayi. Pa 53 phindu likanakhala madola 12, pa 60 madola 40. Ndi kochepa, koma sheya ilibe tsiku lothera, mukhoza kuigwira zaka. Mukanagula `Call` ya `Strike` yomweyo ya 55 koma ya masiku 90, mtengo wake ukanakhala cha pa madola 2.10, ndiye kontirakiti imodzi yokha ya madola 210 m'malo mwa asanu. Pa tsiku la 21, sheya ili pa 53, kontirakitiyo ikanakhala cha pa madola 280. Pa tsiku la 35, sheya ili pa 60, ikanakhala cha pa 660, madola 500 a phindu la m'manja ndi ena 160 a nthawi yotsala. Maganizo ndi omwewo, kampani ndi yomweyo, chasiyana ndi masiku okha.

Ndikudziwa chimene chimakopa. Makontirakiti asanu amaoneka ambiri kuposa imodzi, ndipo akanakhala amoyo pamene sheya inafika pa 60 akanakhala madola 2,500. Koma ndalama imeneyo sinali yanu ngakhale tsiku limodzi, chifukwa masiku 14 owonjezerawo simunawalipire. Ndiponso musatenge chitsanzo cha masiku 90 ngati njira yosataya. Sheya ikanangokhala pa 53 mpaka tsiku la 90, madola 210 onse akanapita chimodzimodzi. Opishoni yaitali imakupatsani mpata wokulirapo woti maganizo anu akwaniritsidwe, ndipo mpatawo mumaulipira.

Lamulo limene ogula odziwa amatsata ndi loyamba ndi funso loti, chimene ndikuyembekezera chichitika liti? Ngati mukudikira kuti kampani ilengeze zotsatira za malonda ake, pezani tsikulo kaye. Makampani ambiri a pa misika ya ku America amalengeza miyezi itatu iliyonse ndipo tsiku limadziwika pasadakhale. Kugula opishoni yotha sabata imodzi chilengezo chisanachitike n'kulakwitsa kumene kumachitika kawirikawiri, ndipo mwina n'kumene kunakuchitikirani, poona mmene sheya inalumphira kuchoka pa 53 kufika pa 60 m'milungu iwiri. Mukaganiza kuti zichitika m'mwezi umodzi, gulani ya miyezi iwiri kapena itatu, ndipo konzekerani kugulitsa kusanatsale masiku 30, kuti sabata zodula zija zikhale za wina. Ngati simungathe kutchula nthawi konse, mukungoona kuti kampaniyi ndi yabwino ndipo tsiku lina idzakwera, ine ndinganene kuti opishoni si chida chanu. Gulani sheya.

Chilengezocho chilinso ndi msampha wake. Chikamayandikira, `IV` imakwera chifukwa aliyense akuyembekezera kulumpha, ndipo maopishoni amadula. Chikangotuluka, `IV` imagwa tsiku lomwelo. Munthu amene anagula madzulo ake akhoza kudzuka sheya itakwera 3 peresenti koma opishoni itatsika, chifukwa analipira mtengo wa kulumpha kwa 8 peresenti. Musanagule yerekezani `IV` ya lero ndi ya miyezi yapitayi.

Ena amati tsiku likayandikira mungosuntha, kugulitsa yotsala pang'ono kuthayo n'kugula ina ya mwezi wamawa. N'zotheka, koma sikufufuta zotayika. Mukagulitsa pa masenti 23 chimene munagula pa 40, masenti 17 apita kale, ndipo yatsopanoyo mulipiranso mtengo wa nthawi wonse. Nthawi iliyonse mukugula kapena kugulitsa mumatayanso pa kusiyana kwa `Bid`, mtengo umene ogula akupereka, ndi `Ask`, mtengo umene ogulitsa akufuna. Pa opishoni yotchipa, `Bid` ikhoza kukhala masenti 35 pamene `Ask` ili 40, ndiye mwangogula mwataya kale 12.5 peresenti, osawerengera zolipira za buloka. Kusuntha kumakhala ndi nzeru pokhapokha ngati, mutakhala kuti mulibe kanthu m'manja lero, mukanagulabe opishoni yatsopanoyo pa mtengo umenewo.

Pa tsiku lothera lenilenilo pali zofunika kusamala kwa munthu wokhala kuno. Maopishoni a pamwezi a masheya a ku America amatha Lachisanu lachitatu la mwezi, ndipo masheya ambiri ali ndi ena otha Lachisanu lililonse, choncho werengani deti bwinobwino, chifukwa amaoneka ofanana pamndandanda. Msika umatseka 4 koloko madzulo nthawi ya ku New York, yomwe kuno ndi 10 koloko usiku kuyambira mu Malichi mpaka kumayambiriro kwa Novembala, ndi 11 koloko miyezi yotsalayo. Ngati magetsi azima kapena netiweki yavuta madzulo amenewo, palibe amene adzakudikireni. Komanso opishoni ikatsekera pamwamba pa `Strike` ngakhale ndi senti imodzi, kachitidwe ka kumeneko ndi koti imagwiritsidwa ntchito yokha ngati simunanene kanthu. Sheya yanu ikanatsekera pa 55.05, makontirakiti asanu akanatanthauza kugula masheya 500 pa 55, omwe ndi madola 27,500. Akaunti ikakhala yopanda ndalama zotere, mabuloka ambiri amagulitsa okha opishoniyo maola omaliza pa mtengo uliwonse umene ulipo. Ndi bwino kugulitsa nokha tsiku limodzi kapena awiri zisanafike pamenepo.

Pa nkhani yoti mwina anakuberani, pali njira yodzitsimikizira. Tsegulani chikalata cha akaunti cha mwezi umenewo. Payenera kuoneka mzere wogula, wokhala ndi dzina la sheya, deti, 55, chilembo `C`, chiwerengero 5 ndi mtengo 0.40, kenako mzere wina wa tsiku lothera wolembedwa `Expired` kapena mawu ofanana nawo. Yerekezani mtengo wotsekera wa sheyayo tsiku limenelo ndi umene ukuoneka pamalo ena osakhudzana ndi buloka wanu. Zikagwirizana, nkhani ndi imene ndafotokozayi. Ndikutchula zimenezi chifukwa pali mapulogalamu ena ofalitsidwa m'magulu a pafoni amene amagwiritsanso ntchito mawu oti `Call` ndi `Put` koma ndi kubetcha kwa mphindi zochepa ndi mwini pulogalamuyo, popanda msika weniweni kumbuyo. Zimenezo ndi zina, ndipo masamu a pamwambawa sagwira ntchito kumeneko.

Pa msika wathu wa Malawi Stock Exchange ku Blantyre, kumene kuli makampani monga Illovo, National Bank, Press Corporation, TNM ndi Airtel, munthu amagula masheya enieni, ndipo maopishoni a mtundu uwu sagulitsidwa. Vuto la tsiku lothera limafanana nalo pang'ono pamene kampani yapatsa eni masheya ufulu wogula masheya atsopano pa mtengo wotsika. Ufulu umenewo umakhalanso ndi tsiku lotsekera, ndipo amene sanalipire pofika tsikulo amaluza mwayiwo. Za kutumiza ndalama kwa buloka wa kunja, malamulo a ndalama zakunja ali m'manja mwa Reserve Bank of Malawi, ndiye funsani kubanki kwanu musanatumizenso zina, kuti ndalama zikafuna kubwera kumudzi zisakodwe panjira.